Poni ya pa d5 ija sinali yaulere

Mwana wanga,

Loweruka lija titatuluka mu holo ya mpikisano wa tchesi sindinafune kukulankhula zambiri. Pepala lako lolembapo gemu unali utalipinda kanayi n'kulikankhira m'thumba la malaya, ndipo mu minibasi unangoyang'ana pawindo njira yonse. Munthu amene wangoluza kumene samva malangizo, makutu ake amakhala adakali pa bolodi. Koma tikutsika pa siteji unanena mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero. Unati, "Aphunzitsi, ndikanapanda kudya kwini uja." Ndiye ndati ndikulembere, chifukwa ukulira maliro pakhomo polakwika. Kudya kwini sikunakuphe. Pamene unkatambasula dzanja kuti umudye, gemu inali itafa kale. Inafa pa muvu 6, pomwe unadya poni.

Tenga bolodi, uyale zida zonse. Usawerenge kalatayi uli chigonere, ndimakudziwa. Ngati mng'ono wako akuwerenga nawe, umuuze kuti N ndi hatchi, B ndi bishopu, Q ndi kwini, K ndi mfumu, x ndi kudya, + ndi tcheki, ndipo # ndi tchekimeti. Iwe unali ndi zoyera, ndipo munayamba chonchi:

```
1. d4   d5
2. c4   e6
3. Nc3  Nf6
4. Bg5  Nbd7
5. cxd5 exd5
```

Mpaka apa palibe chimene unalakwa. Iyi ndi Queen's Gambit Declined, yomwe takhala tikuyeserera chiyambire temu ino, ndipo 5. cxd5 ndi muvu yabwino imene akatswiri amasewera tsiku ndi tsiku. Ndinali nditaima kumbuyo kwa chingwe chija ndipo ndinaona nkhope yako ikuwala mnzako atasewera 4...Nbd7. Ndinadziwa chimene unaona. Poyamba kwini wake ali pa d8 ankayang'ana molunjika poni ya pa d5 ndi kuiteteza. Hatchi itabwera pa d7 inamutchinga kwiniyo. Maponi atadyana pa d5, mlonda amene anatsala ndi mmodzi yekha, hatchi ya pa f6. Ndipo hatchiyo inali pa pini: bishopu wako ali pa g5, hatchi pa f6, kwini pa d8, onse pa mzere umodzi wopingasa. Ikangosuntha, kwini wapita. Choncho mumtima mwako unati mlondayu ndi womangidwa manja, poni ndi yaulere.

Kuwerengera kumeneku sikunali kopusa, ndipo sindikufuna uganize kuti unachita zachibwana. Unaona zinthu zitatu zoona: kwini watchingidwa, mlonda ndi mmodzi, mlondayo ali pa pini. Ana ambiri a msinkhu wako sangaone n'chimodzi chomwe. Vuto linali lakuti utaona zitatuzo unasiya kuyang'ana. Pa wotchi yako panali mphindi zoposa 50, koma muvu 6 unaisewera ngati munthu wotola ndalama pamsewu, mwachangu, kuopa kuti mwini wake angatembenuke.

```
6. Nxd5  Nxd5
7. Bxd8  Bb4+
8. Qd2   Bxd2+
9. Kxd2  Kxd8
```

Tiyeni tiyende pang'onopang'ono, poyambira pa pini, chifukwa mpamene panagona bodza.

Mapini alipo a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu kuposa mmene ndinakufotokozerani m'kalasi. Apa ndivomere, mbali ina ya mlanduwu ndi yanga. Chida chikakhala kuti kumbuyo kwake kuli mfumu, sichingasunthe n'komwe kuchoka pa mzerewo. Malamulo amaletsa, ndipo woyang'anira mpikisano adzachibwezera pamalo pake. Chimenecho ndi chomangidwadi. Koma chikakhala kuti kumbuyo kwake kuli kwini kapena ruku, palibe lamulo lililonse lochiletsa. Chimene chimachigwira ndi mtengo basi: mwini wake amaopa kutaya chinthu chodula. Tsiku limene wapeza kuti akataya kwiniyo apeza zochuluka kuposa pamenepo, hatchi ija imanyamuka ngati sinamangidwepo. Ndiye ukaona pini ya pa kwini, funso si lakuti kodi chidachi chingasunthe. Chingasunthe. Funso ndi lakuti chikasuntha ine n'kudya kwini, iye atsala ndi chiyani m'manja choti andimenye nacho.

Anatsala ndi tcheki. Imodzi yokha, koma inakwana.

Ika zida pamene zinalili mnzako atasewera 7...Bb4+, ndipo uyang'ane mfumu yako pa e1. Yang'ana nyumba zoizungulira imodzi ndi imodzi. Pa d1 pali kwini wako. Pa f1 pali bishopu wako amene sanatuluke. Pa e2 ndi pa f2 pali maponi ako. Patsala d2 pokha, ndipo d2 ili pa njira ya bishopu amene akupereka tchekiyo. Mfumu ilibe kothawira, ndipo amene aitsekera si adani, ndi anthu ake omwe. Kudya bishopu wa pa b4 sungathe, palibe chida chako chimene chikufikapo. Chatsala ndi kutchinga, pa c3 kapena pa d2.

Tsopano funsa kuti ndani akanatchinga. Apa mpamene ndikufuna ukhalitse, chifukwa phunziro lonse la gemu iyi lili pamenepa. Poni ya c ikanakhala kwawo pa c2 ikanangopita pa c3, nkhani n'kutha, koma inachoka pa muvu 2 ndipo poni sibwerera m'mbuyo. Zimenezo si vuto, ndi mmene opening iyi imakhalira, ndipo n'chifukwa chake hatchi imabwera pa c3: imaopseza d5, inde, koma imagwiranso ntchito ina mwakachetechete, yotseka mzere wochokera pa a5 kudutsa b4, c3, d2 mpaka pa mfumu. Hatchi imeneyo ndiyo inali chitseko. Pa muvu 6 unazula chitsekocho n'kupita nacho kukadya poni. Panatsala mlonda wachiwiri, bishopu wa pa g5, amene akanatha kubwerera pa d2 chifukwa njira yake kudzera f4 ndi e3 inali yotsegula. Pa muvu 7 nayenso unamutuma kukadya kwini, ndipo kuchokera pa d8 sangafike pa c3 kapena pa d2. Hatchi ya pa g1 ili kutali, imangofika pa f3 ndi pa h3. Ruku ya pa a1 sidumpha. Pa zida zonse zimene unali nazo, amene akanatha kuima pakati anali kwini yekha. 8. Qd2 sunasankhe, inali muvu yokhayo yololedwa pa bolodi lonse.

Waona tsono chimene chinachitika? Unadya kawiri motsatizana, ndipo kudya kulikonse kunachotsa mlonda mmodzi pa mzere womwewo. Tikamadya maso athu amathamangira kumene chida chikupita, pa chimene tikutola. Kumene chikuchoka sitiyang'anako. Koma chida chilichonse chimene chaima penapake chimakhala chikugwira kantchito, kaya ukudziwa kaya sukudziwa, ndipo chikanyamuka kantchitoko kamatsala popanda mwini.

Tiwerenge zimene zinatsala, monga timachitira: poni 1, hatchi 3, bishopu 3, ruku 5, kwini 9. Makwini anapita onse awiri. Bishopu mmodzi mmodzi anapita. Iwe unatsala ndi maruku awiri, bishopu, hatchi imodzi ndi maponi 7. Iye anatsala ndi maruku awiri, bishopu, mahatchi awiri ndi maponi 6. Zako zikukwana 23, zake 25. Kunena mwachidule, unagula poni ndi hatchi. Pa pepala kusiyana kwa 2 kumaoneka kochepa, koma pa bolodi ndiye kuti pankhondo iliyonse imene ibuke, iye ali ndi msilikali mmodzi woposa iwe.

Ndibwerere ku mawu ako aja a pa siteji. Tiyerekeze kuti pa muvu 7 unazindikira msampha n'kumusiya kwini. Bweza zida pamene zinalili atasewera 6...Nxd5. Hatchi yako yapita kale, ndipo wapezapo poni imodzi. Komanso taona, hatchi yake itachoka pa f6, mzere uja unatseguka mbali zonse ziwiri: bishopu wako akuyang'ana kwini, kwininso akuyang'ana bishopu wako, ndipo bishopuyo alibe womuteteza. Ukanayenera kumubweza, mwina 7. Bd2, n'kupitiriza gemu uli wochepa ndi hatchi yomweyo. Ndiye kuwerengera kukanakhala chimodzimodzi, 2 yemweyo. Chimene ukanapindula n'chakuti makwini akanatsala pa bolodi, ndipo munthu amene ali kumbuyo amafuna makwini akhalepo, chifukwa ndi amene amabweretsa chisokonezo, ndipo m'chisokonezo mnzako akhoza kuphonya. Choncho ndikuvomera kuti 7. Bd2 inali yabwinoko pang'ono. Koma kumeneko n'kusankha pakati pa kudwala ndi kudwalitsa. Matenda unawatenga pa muvu 6.

Chimene chimandipweteka ine, ndipo ndikhulupirira chikupwetekanso ukachiona, n'chakuti maganizo ako anali pafupi kwambiri ndi choonadi. Anangofulumira ndi muvu imodzi. Bwezanso zida pa muvu 5, ndipo m'malo modya usewere 6. e3, kamuvu kooneka kaulesi. Poni yachoka pa e2, ndiye kuti mfumu yapeza khomo. Tsopano tiyerekeze kuti mnzako sanasamale, wangotulutsa bishopu wake:

```
6. e3    Bd6
7. Nxd5  Nxd5
8. Bxd8  Bb4+
9. Ke2
```

Mfumu yangopsepsa pambali, kwini wako ali bwinobwino pa d1. Iye adya bishopu wa pa d8, koma akhala atapereka kwini ndi poni posinthana ndi hatchi ndi bishopu, ndipo gemu ndi yako. Ukhoza kuchita mantha ndi 9...Nc3+, poti hatchiyo ikuopseza mfumu ndi kwini nthawi imodzi, koma poni ya pa b2 ingoidya. N'chimodzimodzinso ukayamba ndi 6. Nf3: tcheki ya pa b4 ikabwera, hatchi imatchinga pa d2 ndipo kwini sakhudzidwa. Ndiye chifukwa chake wakuda wodziwa, akangoona e3 kapena Nf3, amayankha msanga ndi c6 kuti poni iteteze poni inzake, kapena Be7 kuti amasule pini. Amadziwa kuti tsopano kuopseza kuja kwasanduka kwenikweni. Kudya komweko, pa nyumba yomweyo, ndi hatchi yomweyo: pa muvu 6 kukuluzitsa, pa muvu 7 kukupambanitsa. Chasintha ndi kanyumba kamodzi ka e2, kutali ndi kumene maso ako anali.

Ndipo akayankha c6 usakhumudwe ngati wakumana chinthu. Umangopitiriza ndi Bd3, Qc2, kutulutsa hatchi inayo, kubisa mfumu, kenako n'kuyamba kukankha poni ya b kuti ikagogode pa c6. Imeneyo ndi gemu yaitali imene woyera amasewera momasuka, ndipo tidzaiona bwino mwezi wamawa.

Pali funso lina limene ukanadzifunsa, losafuna n'kuwerengera komwe. Mnzako uja anasewera 4...Nbd7 mosaganiza, dzanja linangopita lokha, ndipo 5...exd5 chimodzimodzi. Kenako anakhala phee, manja pachifuwa, akuyang'ana kudenga. Munthu amene wataya poni mwangozi sakhala choncho. Sindikunena kuti uzisewera nkhope ya munthu m'malo mwa bolodi, ena amanamizira. Koma pamene munthu amene wapambana magemu awiri m'mawa womwewo akusiyira chinthu chaulere pa muvu 5, mu opening imene yaseweredwa zaka zoposa 100, uyenera kudabwa. 4...Nbd7 si kuphonya. Ndi njira yodziwika yolowera mu opening ya Cambridge Springs, dzina lochokera ku tauni ya ku Pennsylvania ku America kumene kunachitikira mpikisano waukulu mu 1904. Msampha umene unagweramowo uli ndi dzina lakelake, amautcha Elephant Trap, ndipo unalembedwa kale mu 1848 ku Berlin, pamene Karl Mayet anagwamo posewera ndi Daniel Harrwitz. Mayet sanali mwana wa sukulu, anali mmodzi mwa akatswiri a mumzindawo. Ndiye uli ndi anzako ambiri m'dzenjemo. Inenso ndilimo. Ndinagwamo ndili wamkulu kale, ndevu zili pachibwano, pamaso pa ana amene ndinkawaphunzitsa, ndipo mdala amene anandikolayo anangoti, "Chikomekome cha mkuyu," osamaliza n'komwe mwambiwo, n'kudya bishopu wanga.

Ndimaganizanso kuti ambirife chizolowezi chimenechi tinachitenga ku dirafuti. Iwe unayamba dirafuti pakhonde la agogo ako usanaone tchesi, ngati ine ndemwe. Kumeneko kudya ndi lamulo, mpata ukapezeka uyenera kudya, ufune usafune. Dzanja limazolowera, likaona chodyeka limanyamuka lokha mutu usanavomere. Komatu taganiza, katswiri wa dirafuti amapambana bwanji? Amakupatsa kamodzi kuti iye adye katatu. Nzeru imeneyo unaidziwa kale uli ndi zaka 8, ndipo sungakoledwe nayo pa bolodi la agogo. Mu tchesi muli ufulu umene mu dirafuti mulibe, woti ukhoza kuchiyang'ana chodyekacho n'kuchisiya. Ungofunika kukumbuka kuti ufuluwo ulipo.

Nanga ukanauona bwanji msamphawo uli pampando, popanda ine kapena buku? Sindikupatsa mndandanda wautali, sungaukumbuke wotchi ikuyenda. Ukafuna kudya, manja akhale pansi pa tebulo kaye, paja ukagwira chida uyenera kuchisuntha. Uyambe wayerekeza kuti mnzako wachita chimene ukuganiza kuti sangachite. Iwe unati hatchi singadye. Nena kuti yadya. Ine ndadya kwini. Apa mpamene unaimira, chifukwa kwini ndi wamkulu ndipo mutu ukafika pa kwini umaona ngati nkhani yatha. Usaime pamene iwe wadya. Uime pamene yafika nthawi yake ndipo wafufuza tcheki iliyonse imene ali nayo, ngakhale yooneka yopanda pake. Pamalo paja anali ndi tcheki imodzi yokha, Bb4+, sikuti zinali zambiri zoti n'kusokonezeka nazo. Ukanangoiona, ukanafunsa kuti nditchinga ndi chiyani, ndipo ukanapeza kuti hatchi palibe, bishopu palibe. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi ziwiri. Unali nazo 50.

Za gemu yotsalayo sindinena zambiri. 10. e4 inali yabwino, unathamangitsa hatchi n'kutenga pakati, ndipo kwa kanthawi mnzako anavutika kutulutsa zida zake chifukwa mfumu yake inali itataya mwayi wobisala. Koma kenako unayamba kuvomera kusinthana kulikonse kumene anakupatsa, ruku ndi ruku, kenako ruku inayo, ngati ukufuna gemu ithe msanga upite kunja. Munthu amene wachepa ndi chida amasinthanitsa maponi, osati zida. Hatchi imodzi ndi mfumu sizingapereke tchekimeti, ngakhale mahatchi awiri sangaikakamize pa mfumu yotsala yokha. Ndiye chiyembekezo chako chinali kumutha maponi, maruku n'kuwasunga kuti azimusowetsa mtendere. Unachita mosemphanitsa. Koma ndikudziwa kuti nthawi imeneyo sunkasewera ndi mnzakoyo, unkasewera ndi mkwiyo wa pa muvu 7, ndipo zimenezo tidzakambirana pamaso.

Chimodzi chokha ndikuyamikire: sunagwetse zida, unamugwira chanza, ndipo unalemba mamuvu onse mpaka kumapeto ngakhale zolembazo zikuonetsa kuti dzanja linkanjenjemera. Popanda pepalalo bwenzi ndilibe chokulembera.

Ntchito ya kunyumba nayi. Nkhani ya hatchi yonyamuka pa pini ili ndi mbale wake wakale kwambiri, wotchedwa dzina la Légal, katswiri wa ku Paris wa m'zaka za m'ma 1700 amene anaphunzitsa katswiri wina wotchuka, Philidor. Ulendo uno wodya kwini ndi wakuda:

```
1. e4    e5
2. Nf3   d6
3. Bc4   Bg4
4. Nc3   g6
5. Nxe5  Bxd1
6. Bxf7+ Ke7
7. Nd5#
```

Uyale, ndipo undilembere nyumba iliyonse yozungulira mfumu ya pa e7 ndi chimene chikuiletsa kupitapo, monga tachitira ndi mfumu yako ija. Upezenso chimene wakuda akanasewera pa muvu 5 kuti angotaya poni yokha. Ukatero usinthe chinthu chimodzi: m'malo mwa 4...g6, wakuda asewere 4...Nc6. Ndikudziwa kuti ukangoona tchekimeti yokongolayi ufuna kukaiyesa pa aliyense kusukulu, ndiye usanatero undiuze ngati 5. Nxe5 ikugwirabe ntchito hatchi ili pa c6, ndipo ngati sikugwira, ndani amene wadya molakwa ulendo uno.

Tionana Lachitatu ikamakwana 3 koloko, m'kalasi mwathu momwe muja. Ubwere ndi pepala lopindidwa lija, usalitaye. Ubwerenso ndi poni yakuda imene inasowa mu seti ya kalabu, mng'ono wako wandiuza kuti ili m'chikwama chako.

Ndine,
Mphunzitsi wako